Foni ya 16 GB yadzaza, manotsi ndizilemba pa apu iti?

Tadala wa ku Domwe: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikuphunzira zaulimi ku Ulongwe, chaka choyamba. Kope langa lina linanyowa ndi mvula pa njinga sabata yatha, masamba anamatirirana, ndiye ndaganiza zoti manotsi ena ndizisunga pafoni. Vuto ndi loti foni yake ndi ya 16 GB, ndipo tsiku ndi tsiku ikumandiuza kuti malo atsala pang'ono kutha. Panopa atsala 410 MB basi. Anzanga a m'kalasi wina akuti Google Keep, wina OneNote, wina Evernote, mutu wanga wazungulira. Ndikufuna yaulere, yosadya malo, yogwira ntchito ngakhale netiweki palibe, chifukwa kwathu ukafuna intaneti umachita kukwera pachulu. Ndithandizeni.

Bambo a Yamikani: Mwana wanga, mamega ndi ovuta kwa tonse masiku ano. Ine ndimagula a usiku, amatsikako mtengo. Uzidzuka cha m'ma 4 koloko, uzitsitsa zonse nthawi imeneyo.

Tadala wa ku Domwe: Zikomo bambo, koma sindikunena mamega a intaneti. Ndikunena malo osungira zinthu m'kati mwa foni.

Bambo a Yamikani: Ooo, pepa. Onsewo amawatchula mamega nanga, munthu usasokonezeke bwanji.

Aphunzitsi a ku Zobwe: Tadala, ika OneNote, usavutike ndi zina. Ine ndakhala nayo zaka zambiri. Imakhala ngati makope enieni: phunziro lililonse kope lake, m'kope muli magawo, m'gawo muli masamba. Umatha kujambula ndi chala, kuika zithunzi, ndipo akakupatsa akaunti ya Microsoft umalandira 5 GB yaulere pa OneDrive, malo awo osungira zinthu pa intaneti. Za malo zisakudetse nkhawa, gula kakhadi ka memore, usamutsire apuyo pakhadipo, nkhani yatha.

Jeremiya: Aphunzitsi, foni yanu ndi ya magiga angati?

Aphunzitsi a ku Zobwe: 128.

Jeremiya: Ndiye mukumuuza wa panjinga kuti anyamule katundu wa lole, kkkk.

Mano Fabiyawo: Ndiloleni ndilowepo, ine mafoni odzaza ndimawagwira tsiku lililonse pa benchi yanga ku msika. Zomwe anena aphunzitsi za makonzedwe a OneNote ndi zoona, palibe ina mwa zatchulidwazi yomwe imaika manotsi m'dongosolo kuiposa. Koma ndi yolemera, ikakhazikika m'foni imatenga mamega mazana, ndipo pa foni ya RAM yochepa imatseguka mochedwa, mphunzitsi wafufuta kale pabolodi iwe ukudikira tsamba. Zosamutsira apu pakhadi nazo si mafoni onse amalola, ndiponso si apu iliyonse imavomera. Ngakhale zitatheka, gawo lina limatsalabe m'foni.

Koma achemwali Tadala, tisanasankhe apu, tiyambe taona chomwe chadya malo. Foni ya 16 GB siikupatsani 16 yonse, Android ndi mapulogalamu obwera nayo amatenga kale gawo lalikulu, inu mumatsala ndi 9 kapena 10. Lowani mu Definições, kenako Armazenamento, mutiuze manambala omwe mukuona. Mukatero mulowe mu WhatsApp, Definições, Armazenamento e dados, Gerir armazenamento. Ngati foni ili m'Chingerezi ndi Settings, Storage and data, Manage storage.

Tadala wa ku Domwe: Ndaona, Mano Fabiyawo. WhatsApp yokha 3.1 GB! Zithunzi za kamera 1.6 GB, zilipo 640, zambiri ndi za pabolodi ndi masamba a makope a anzanga. Mapulogalamu ena onse pamodzi pafupifupi 4 GB.

Mano Fabiyawo: Wakuba tamupeza. Tiyeni tiwerengere limodzi. Zithunzi 640 zikudya 1.6 GB, ndiye kuti chimodzi ndi 2.5 MB. Tsopano taonani zolemba. Chilembo chimodzi chimatenga bayiti imodzi, zilembo za Chipwitikizi zokhala ndi tizizindikiro monga ã ndi ç zimatenga awiri, koma ndi zochepa m'tsamba. Tsamba lodzaza bwino lili ndi zilembo ngati 2,500, ndiye kuti 2.5 KB. Tinene kuti muli ndi maphunziro 6, lililonse mwalemba masamba 100. Masamba 600 amenewo ndi 1.5 MB. Manotsi a chaka chonse sakufika ngakhale pa chithunzi chimodzi cha bolodi chomwe munajambula dzulo.

Ndiye funso loti ndi apu iti yosadya malo lili ndi mbali ziwiri. Pali kulemera kwa apu yeniyeniyo, komwe mumalipira kamodzi poiika. Ndiye pali zomwe mukuthiramo. Mukamathira mawu okha, apu iliyonse ikhalabe yopepuka mpaka mudzamalize sukulu. Mukamathira zithunzi, ngakhale apu yaing'ono ngati nyerere idzatupa.

Aphunzitsi a ku Zobwe: Koma zithunzizo zimapita pa intaneti, sizikhala m'foni. Ndiye phindu la OneDrive ndi Google limenelo.

Mano Fabiyawo: Zimapita, inde, koma kope lake limatsalanso m'foni. Mukanakhala kuti simutsala nalo, bwenzi simukuona chithunzicho netiweki ikachoka. Yesani aphunzitsi: lowani mu Definições, Aplicações, musankhe apu yanu ya manotsi, mutsegule Armazenamento. Muona mizere itatu: kukula kwa apu, deta, ndi cache. Nambala yomwe mumaona pa Play Store musanatsitse ndi ya katundu womangidwa, akamasulidwa amakula, ndipo mizere iwiri yapansiyo imakula mwezi ndi mwezi.

Aphunzitsi a ku Zobwe: Ndaona. Mzere wa deta ndi waukulu kuposa apu yake. Chabwino, pamenepo mwandigwira. Komabe pa dongosolo sindisuntha.

Rozita: Evernote muichotseretu pa mndandanda. Kuyambira Disembala 2023 yaulere imalola manotsi 50 okha ndi kope limodzi. Wophunzira manotsi 50 amamaliza mwezi usanathe.

Jeremiya: Ine ndimagwiritsa Markor ndipo sindibwerera m'mbuyo. Ndi yaing'ono, siifuna akaunti, siifuna intaneti, ilibe zotsatsa malonda. Chomwe ndimaikondera kwambiri ndi choti notsi iliyonse ndi fayilo wamba, ya .txt kapena .md, yokhala mu foda ya Documents/markor. Umapanga mafoda momwe ukufunira, ya nthaka, ya mbewu, ya masamu, ngati makope a aphunzitsi aja koma opanda kulemera. Fayiloyo ukhoza kuitumiza kwa mnzako pa Bluetooth, kuitsegula pa kompyuta ya kusukulu, kuikopera pakhadi. Mutu umalemba chonchi:

```
# Nthaka
## pH
- pansi pa 7: ya asidi
- 7: ya pakatikati
```

Ukadina kadiso kali pamwamba, imaonetsa mitu yakuda bwino ndi timadontho.

Tadala wa ku Domwe: Ndafufuza pa Play Store, sindikuiona bwinobwino, zikubwera zina za mayina ofanana.

Jeremiya: Uitenge pa f-droid.org. Ukatsitsa fayilo yoikira apuyo, yotchedwa APK, foni ikufunsa chilolezo choika mapulogalamu ochokera kwina, uvomere pa burauza yokhayo, ukamaliza uzimitsenso. Usalandire APK kwa munthu pa Bluetooth kapena pa gulu, sudziwa chomwe anaikamo.

Mano Fabiyawo: Markor ndi yabwino, sindikana. Koma Jeremiya, uuze mlongo wakoyu mbali inayo. Foni ikagwera m'madzi kapena akamulanda mu shapa, manotsi ali kuti?

Jeremiya: Ine Lamlungu lililonse ndimakopera foda yonse pakhadi.

Mano Fabiyawo: Khadi lomwe lili m'foni momwemo?

Jeremiya: ...eya. Koma nthawi zina ndimadzitumiziranso pa imelo.

Mano Fabiyawo: Nthawi zina. Wakuba sachotsa khadi n'kukubwezera, mphwanga.

Lusiya ku Tete: Nkhani imeneyi yandikhudza, ndiloleni ndifotokoze zomwe zinandionekera. Ndimaphunzira za unamwino. Chaka chatha ndinalemba manotsi a miyezi itatu pa apu ina, sinditchula dzina chifukwa mwina vuto silinali lake. Inali ya akaunti, ndipo mumtima ndinkati zonse zili pa intaneti. Foni inadzaza ngati ya Tadalayi, uthenga wa malo uja unakhala pamwamba masabata angapo, ine ndinangouzolowera. Kutatsala masiku 9 kuti tilembe mayeso ndinapereka foni kwa mnyamata wina kuti andipezere malo. Anagwiragwira mphindi zisanu, n'kundibwezera akumwetulira, ati ndakupezerani giga imodzi. Usiku ndikutsegula apu ija, ikundifunsa kuti ndilowe ngati mlendo. Ndalowa, ndinapeza manotsi a mwezi woyamba okha. Za mankhwala zonse, milingo, zomwe ndinalemba ku wodi nditaimirira, kulibe. Ndinakhala pakhonde ndi kutentha kwa Tete kuja mpaka 2 koloko, ndikungotsitsa chala ngati zitulukira.

Bambo a Yamikani: Pepa mwana wanga. Anakubera ameneyo.

Mano Fabiyawo: Sanabe, bambo, anadina batani lolakwika, ndipo pansi pake panali kale vuto lina. Ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa apa ndi pomwe anthu a mafoni ang'onoang'ono amapwetekera.

Choyamba, pa tsamba la Armazenamento la apu iliyonse pali mabatani awiri oyandikana. Limpar cache limachotsa zinthu zongosungidwa mongoyembekezera, apu imadzazitenganso, manotsi sakhudzidwa. Linalo, Limpar dados, pa mafoni ena amalemba Limpar armazenamento, m'Chingerezi Clear data kapena Clear storage, limabwezera apu momwe inalili tsiku lomwe munaiika. Chilichonse chomwe apu inasunga m'mimba mwake chimapita. Ofuna kupeza malo mwachangu amakonda lachiwirili chifukwa nambala yake ndi yaikulu.

Chachiwiri ndi chomwe ambiri sadziwa. Android ikaona kuti malo atsika kwambiri, pa foni ngati izi ndi pafupifupi 500 MB, imatulutsa uthenga uja, ndipo imaimitsa kulunzanitsa kwa maakaunti komwe kumachitika pakokha kuseri. Ndi chifukwa chake foni ikadzaza maimelo amasiya kulowa. Mapulogalamu omwe amadalira njira imeneyo potumiza manotsi nawonso amaima. Inu mukulemba, apu ikusunga m'foni, mukuganiza kuti zakwera, koma sizinachoke pakhomo. Achemwali Lusiya, mwezi woyamba uja ndi womwe unakwera foni isanadzaze. Miyezi iwiri inayo inali m'foni mokha, batani lija linaisesa.

Lusiya ku Tete: Ndiye kuti ngakhale akanapanda kudina, foni ikanatayika zikanapitabe?

Mano Fabiyawo: Zikanapita ndithu.

Tadala wa ku Domwe: Mayo ine. Ndiye ndi 410 MB yangayi ndili kale m'dzenje lomwelo.

Mano Fabiyawo: Mulimo kale. N'chifukwa chake ndikuti musaike kanthu lero musanapeze malo. Mu Gerir armazenamento muja WhatsApp imakuikirani padera mafayilo oposa 5 MB ndi omwe atumizidwa kambirimbiri. Yambani ndi mavidiyo a m'magulu. Kenako pa tsamba lomwelo la Armazenamento e dados muzimitse zotsitsa zokha, zithunzi ndi mavidiyo zizilowa pokhapokha mwadina. Cholinga chikhale choti nthawi zonse pazikhala 1.5 GB yopanda kanthu.

Tsopano za apu. Ine ndimazigawa potengera komwe manotsi amagona. Google Keep ndi Simplenote zimasunga m'foni ndi pa akaunti. Mumalemba popanda netiweki, mukafika pachulu paja zimakwera. Mukachotsa apu kapena kusintha foni, mumalowa ndi akaunti n'kupeza zonse zomwe zinakwera. Markor imasunga mafayilo poyera m'foda, mukaichotsa kapena wina akadina Limpar dados mafayilo amatsala, koma sakwera kulikonse pokhapokha mutawanyamula nokha. ColorNote, yomwe ambiri amaikonda chifukwa ndi yaing'ono zedi, imasunga m'mimba mwake. Ili ndi akaunti yolunzanitsira koma ambiri salowa, ndipo fayilo yake yosungira ndi yokhoma, imatsegulidwa ndi ColorNote yokha.

Rozita: Ine ndili pa Simplenote chaka chachiwiri. Siilola zithunzi m'pang'ono pomwe, mawu okha, ndiye siingatupe ngakhale utafuna. Ilibe mafoda, umaika timawu tozindikiritsa pansi pa notsi, monga dzina la phunziro. Chomwe chinandipulumutsa tsiku lina ndi mbiri ya notsi: ndinafufuta theka la tsamba ndi chigongono ndili mtulo, m'mawa ndinabwerera pa momwe linalili dzulo lake.

Aphunzitsi a ku Zobwe: Wophunzira zaulimi popanda zithunzi? Matenda a chimanga adzawalemba ndi mawu? Tsamba la mbatata ya kachewere lomwe lagwidwa chiwawu ulifotokoza bwanji osalijambula?

Rozita: Pamenepo mwanena zoona aphunzitsi. Ine ndimaphunzira za malamulo, kwathu ndi mawu okhaokha.

Mano Fabiyawo: N'chifukwa chake kwa Tadala ine ndikanati Keep. Onani kaye ngati siili kale m'foni mwanu, mafoni ena amabwera nayo. Akaunti ya Google muli nayo kale chifukwa mumalowa pa Play Store. Imalola chithunzi apo ndi apo pomwe chikufunikadi. Zofooka zake nazi: ilibe mafoda, ili ndi timapepala tozindikiritsa basi, ndipo notsi imodzi imathera pa zilembo pafupifupi 20,000, omwe ndi masamba ngati 8. Ndiye musalembe phunziro lonse mu notsi imodzi, tsiku lililonse notsi yake, mutu wake muziyamba ndi dzina la phunziro ndi deti. Mukafufuta notsi mwangozi imakhala m'zinyalala masiku 7, kenako imapita.

Jeremiya: Manotsi akafika 300 mu Keep zimakhala ngati msika wa Loweruka, chilichonse paliponse. Mafoda ndi abwino mano, vomerezani.

Mano Fabiyawo: Ndavomera. Koma pa benchi panga sipanabwere munthu akulira kuti manotsi ake sali m'dongosolo. Amabwera akulira kuti foni yafa.

Mayi a Chisomo: Pepani ndalowerera, ine si wophunzira, ndimagulitsa nyemba ndi mbatata ku Tsangano. Ngongole za makasitomala ndimalemba pa ColorNote, kapepala kachikasu aliyense. Zomwe mwanenazi zandiopsa. Ndingadziwe bwanji ngati zanga zinakwera?

Mano Fabiyawo: Mayi, lowani m'makonzedwe a apuyo muone ngati pali imelo yanu pa gawo la kulunzanitsa. Ngati ikukupemphani kuti mulowe kapena mulembetse, ndiye kuti palibe chinakwerapo. Lembetsani lero lomwe, foni ili moyo. Ndipo musapereke foni kwa wokonza musanachite zimenezo, ngakhale kwa ine.

Kwa a Keep ndi Simplenote mayeso ake ndi osavuta. Yatsani kandege kuti netiweki ichoke, lembani notsi, tsekani apu, itseguleninso muone ngati ilipo. Zimitsani kandege, dikirani pang'ono, kenako pa kompyuta kapena pa foni ya mnzanu mutsegule keep.google.com kapena app.simplenote.com, mulowe ndi akaunti yanu. Notsi ija mukaiona kumeneko ndiye kuti yakweradi. Mukamaliza mutuluke mu akauntiyo, musaisiye yotsegula pa chipangizo cha eni. Muzichita zimenezi kamodzi pa mwezi, makamaka mayeso akayandikira.

Tadala wa ku Domwe: Mano, apa pali vuto lina. Akaunti ya Google anandipangira ndi amene anandigulitsa foni. Pasiwedi sindiidziwa.

Jeremiya: Mwaona! Ndiye akaunti yakeyo ikupulumutsa bwanji?

Mano Fabiyawo: Apa Jeremiya wapeza pondimenyera, ndipo akunena zoona. Mwa anthu obwera kwa ine, ochuluka ali chonchi. Akaunti yomwe simudziwa pasiwedi yake ili ngati nkhokwe yomwe kiyi wake ali ndi munthu wina. Foni ikatayika simulowamo. Achemwali, muli ndi njira ziwiri. Ngati pa akauntiyo anaikapo nambala yanu, mukhoza kusintha pasiwedi, Google ikutumizirani kodi ya manambala pa meseji. Ngati anaika nambala yake kapena sanaike, pangani akaunti yatsopano nokha mu Definições, pa gawo la Contas, muike nambala yomwe simudzaitaya, pasiwedi muilembe papepala musunge kunyumba. Foni imalola maakaunti awiri, mu Keep mungosankha yatsopanoyo musanalembe notsi yoyamba.

Aphunzitsi a ku Zobwe: Pa nambalapo ndionjezere. Ife a m'malire timakhala ndi masimu awiri, ya kuno ndi ya ku Malawi. Musaike ija mumangoigwiritsa mukapita ku Mwanza kapena ku Dedza, ikakhalitsa osagwira ntchito imatsekedwa, kodi ija idzapita kwa munthu wina.

Bambo a Yamikani: Nanga bwanji osangojambula mawu a mphunzitsi akamaphunzitsa? Mwana wanga amatero.

Rozita: Ola limodzi la mawu ndi mamega makumi angapo bambo, ndipo usiku wa mayeso sungamvetsere maola 40. Komanso aphunzitsi ena safuna kujambulidwa, uyenera kupempha.

Tadala wa ku Domwe: Nanga zithunzi 640 zija nditani nazo? Sindingazitaye, muli zinthu zofunika.

Mano Fabiyawo: Zisamutsireni pakhadi ndi apu ya mafayilo, ndipo mu kamera muone ngati pali posankha kuti zithunzi zatsopano zizipita pakhadi. Poika khadi foni ikakufunsani, sankhani kuti likhale lonyamulika, osati gawo la memore ya m'kati. Mukasankha ya m'kati khadilo limakhomedwa, siliwerengeka pa foni ina, foni ikafa nalonso lafa. Muchenjerenso ndi makhadi otchipa modabwitsa. Ena amalemba 64 GB pomwe m'kati ndi ochepa kwambiri, amalandira mafayilo bwinobwino koma mukadutsa malire ake enieni zithunzi zimayamba kukana kutseguka. Musafufute za m'foni musanatsegule zingapo pakhadi, zoyamba ndi zomaliza.

Jeremiya: Njira ina: dzitumizire wekha chithunzicho pa WhatsApp, imachifinya mpaka kutsika pa theka la mega, kenako ufufute chachikulucho.

Lusiya ku Tete: Ndinayesa zimenezo, pa zilembo zazikulu zimatheka, koma tebulo la manambala ang'onoang'ono 3 ndi 8 zimafanana. Pa milingo ya mankhwala sindingayerekeze.

Aphunzitsi a ku Zobwe: Ndinene monga mphunzitsi tsopano. Mwa zithunzi 640 zimenezo, Tadala, wawerengapo zingati kachiwiri? Ana anga amajambula bolodi n'kuganiza kuti aphunzira. Madzulo uzikhala pansi, uzitsegula chithunzi, uzilemba mfundo zake m'mawu ako, kenako uzichifufuta. Usiye zojambula zokha ndi matebulo.

Rozita: Keep ili ndi Grab image text, imatulutsa mawu a pachithunzi. Pa pepala lotayipa imachita bwino ndithu ukakhala ndi netiweki. Pa choko ndi dzanja la aphunzitsi ena, mmm, imatulutsa chilankhulo chachilendo.

Aphunzitsi a ku Zobwe: Dzanja langa ndi labwino, Rozita.

Tadala wa ku Domwe: Ndabweranso patatha masiku anayi. Mavidiyo a m'magulu ndinachotsa 2.2 GB, ambiri anali a kwaya ndi a mpira omwe sindinawatsegulepo. Zithunzi ndinasankha, 210 ndataya chifukwa zinali zobwerezabwereza kapena zosaoneka, zotsalazo zili pakhadi la 16 GB lomwe ndinabwereka kwa achimwene anga. Panopa malo opanda kanthu ndi 4.2 GB, uthenga uja wachoka, ndipo maimelo a miyezi iwiri analowa nthawi imodzi, ina inali ya kusukulu. Akaunti ndapanga yatsopano, pasiwedi ili m'Baibulo la amayi. Ndaika Keep, mayeso a kandege ndachita, notsi ndinaiona pa kompyuta ya mnzanga. Ndaikanso Markor kuti ndiyerekeze, ndipo kunena zoona polemba zazitali ndikuikonda kuposa, mafoda aja akundisangalatsa.

Jeremiya: Ndinanena ine!

Mano Fabiyawo: Ziwiri zonse zikwana, malo alipo. Koma musankhe imodzi yokhala mwini manotsi, apo ayi pofika Juni mudzakhala mukufufuza kuti za feteleza munalemba kuti. Mukasankha Markor, Lachisanu lililonse mafayilo a m'foda ija muziwatumiza ku Google Drive ya akaunti yatsopanoyo, muli 15 GB yaulere ndipo foda yanu siifika ngakhale mamega awiri. Muike alamu.

Tadala wa ku Domwe: Ndiyesa mwezi umodzi ndione. Chomwe chikundivutabe ndi masamu ndi kemisitiri. Mafomula okhala ndi manambala ang'onoang'ono pansi ndi pamwamba, pa kiyibodi ya foni ndikumatha mphindi zitatu mzere umodzi.

Aphunzitsi a ku Zobwe: Pa OneNote ukanangolemba ndi chala.

Rozita: Keep nayo ili ndi pojambulira ndi chala, aphunzitsi.

Lusiya ku Tete: Pa sikirini yaing'ono chala chimalemba ngati nkhuku yapalasa. Ine za mawerengedwe ndinabwerera ku kope, ndimalikulunga mu pulasitiki ya shuga ndikamakwera njinga.

Mayi a Chisomo: Mano Fabiyawo, ndalembetsa kuja munanena, koma ikuti ndione imelo ndipo imeloyo sikubwera. Foni yanganso ili ndi uthenga wa malo uja pamwamba. Ndiyambe kuchotsa chiyani, mavidiyo a ukwati wa mwana wanga sindikufuna akhudzidwe.

Mano Fabiyawo: Musachotse kanthu mayi, ndipo batani lolembedwa dados musaliyandikire. Tumizani kaye chithunzi cha tsamba la Armazenamento pano, tione manambala.